Funso lovuta likagwa pambuyo pa kufotokoza kafukufuku

Chaka cha maphunziro chikamatha, ku Bunda, ku Zomba, ku Mzuzu ndi m'masukulu ena a ukachenjede, ophunzira a chaka chomaliza amaitanidwa mmodzimmodzi kukaima kutsogolo kwa aphunzitsi awo ndi kufotokoza kafukufuku amene achita. Amapatsidwa mphindi 10 kapena 15 zolankhula, kenako pamabwera mafunso. Ambiri amakonzekera gawo loyambalo mpaka kuliloweza pamtima, koma gawo la mafunso amangolisiya m'manja mwa Mulungu. Chonsecho ndi pa mafunso pamene aphunzitsi amadziwira ngati ntchito ili m'mutu mwa wophunzira kapena ili pa pepala pokha. Nkhani ili m'munsimu ndailuka ndekha, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza, koma funso limene lili pakati pake ndi lenileni. Limafunsidwa chaka ndi chaka, ndipo lagwetsa ophunzira ambiri anzeru.

Mtsikana wina wophunzira zaulimi anafufuza za kasungidwe ka chimanga m'midzi yozungulira Mitundu. Anayendera mabanja 40. Mabanja 20 amasunga chimanga chawo m'matumba wamba atathira mankhwala a ufa ophera anankafumbwe, ndipo ena 20 amasunga m'matumba a PICS. Matumba amenewa, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapepala awiri okhuthala a pulasitiki mkati ndi thumba loluka kunja. Akamangidwa bwino salowa mpweya, choncho tizilombo timene tatsekeredwa mkatimo timamaliza mpweya wa okosijeni, timaleka kudya ndi kuswana, kenako timafa. Patapita miyezi 6, mtsikanayu anatapa chimanga m'matumba onse ndi kuwerenga maso obooka. M'matumba wamba anapeza maso 19 pa 100 aliwonse atafumbwa. M'matumba a PICS anapeza 4 okha.

Tsiku lofotokoza anadzuka m'mimba mukuwira. Phala silinalowe. Dzina lake litaitanidwa, anayenda kupita kutsogolo miyendo ikumveka ngati ya munthu wina, ndipo polumikiza laputopu ku pulojekita chingwe chinamupulumuka kawiri. Koma atangoyamba, mawu oloweza aja anamunyamula. Anafika pa silaidi yomaliza nthawi isanathe, nanena molimba kuti matumba a PICS amachepetsa kufumbwa kwa chimanga pafupifupi kasanu. Anzake kumbuyo anaomba m'manja. Mafunso awiri oyamba anali osavuta.

Kenako bambo wina wachikulire amene anakhala kumapeto kwa tebulo, amene sanalembe kanthu nthawi yonseyi, anavula magalasi.

"Zikomo mayi, mwafotokoza momveka. Koma ndithandizeni. Mabanja amenewa anasankha okha thumba loti asungiremo, si choncho? Munthu amene amatulutsa ndalama kugula thumba lodula ndi mlimi wosamala kale. Mwina amayanika chimanga chake nthawi yaitali, amachipeta bwino, amamvera mlangizi. Ndiye mukudziwa bwanji kuti chateteza chimangachi ndi thumba, osati mwini thumba?"

M'chipinda munangoti zii. Mtsikanayu anamva magazi akuthamangira kumaso, m'kamwa munauma gwa, ndipo zonse zimene anazidziwa dzulo lake zinasowa.

Zimene zinamuchitikirazi si umbuli. Munthu akaona chiopsezo, tizigawo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa adirenalini m'magazi. Mtima umagunda mofulumira, mpweya umakhala wapamwambapamwamba, magazi amathamangira ku minofu ikuluikulu, ndipo ntchito zogaya chakudya zimayamba zaima kaye, n'chifukwa chake malovu amauma ndipo m'mimba mumasokonezeka. Thupi likukonzekera kuthawa kapena kumenya nkhondo, ngakhale chimene chili kutsogolo ndi mphunzitsi wonyamula magalasi m'manja. Choipa kwambiri n'chakuti mbali ya maganizo imene timagwirira zinthu zingapo nthawi imodzi poganiza ndi yaing'ono, ndipo nkhawa imalanda malo omwewo. Pamene munthu akudzifunsa kuti "kodi ndalephera, anzanga akundiona bwanji, kunyumba ndikanena chiyani", malo oikapo funso lenilenilo amachepa. Zimene anaphunzira sizinafufutike, koma kwa kanthawi sangathe kuzifikira.

Kuti izi zimagwira pafupifupi aliyense, umboni wake ndi wakuti akatswiri akafuna kudzetsa nkhawa mwa munthu kuti aiyeze, amagwiritsa ntchito njira yomweyi. Mu 1993, Clemens Kirschbaum ndi anzake a ku yunivesite ya Trier ku Germany anafalitsa njira imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Munthu amaimikidwa kutsogolo kwa oweruza amene auzidwa kuti asamwetulire kapena kugwedeza mutu. Amalankhula mphindi 5 ngati akufunsira ntchito, kenako amauzidwa kuti achotsere 13 kuchokera pa 1022, apitirize kuchotsera motero mokweza, ndipo akalakwitsa ayambirenso. Mtima umakwera, ndipo kotizolo, amene thupi limatulutsa pa nthawi ya nkhawa, amachuluka m'malovu. Palibe amene wamenyedwa kapena kuopsezedwa. Kuyang'aniridwa ndi anthu okuweruza, iwe usakudziwa chimene chikubwera, n'kokwanira.

Kwa wophunzira wa kuno kwathu palinso mitolo ina iwiri. Woyamba ndi chilankhulo: funso labwera m'Chingerezi, ndipo mantha akafika, Chingerezi ndicho chimayamba kuthawa. Wachiwiri ndi kaleredwe. Tinakula tikuuzidwa kuti wamkulu sayankhidwa, ndiye mphunzitsi wa imvi akakayikira ntchito yako, mtima umakuuza kuti ugwetse nkhope ndi kupepesa. Ulemu umenewu ndi wabwino, ndipo sindikufuna kuti ana athu autaye. Koma m'chipinda chija, wamkulu wafunsa kuti ayankhidwe, ndipo kumuyankha mokwanira ndiwo ulemu umene akuyembekezera.

Mtsikana uja sanayankhe nthawi yomweyo. Anaika pansi cholozera chimene chimanjenjemera m'dzanja lake, nagwira m'mphepete mwa tebulo. Anakoka mpweya, nautulutsa pang'onopang'ono, motalika kuposa mmene anaukokera. Zonsezi zinatenga masekondi atatu kapena anayi.

Kwa iye masekondi amenewa anali aatali zedi, koma kwa omvera anangooneka ngati munthu amene akuganiza. Kutulutsa mpweya motalika kuli ndi ntchito yake: mtima wa munthu umafulumira pang'ono pokoka mpweya ndipo umachepetsa liwiro potulutsa, choncho kutalikitsa potulutsa kumathandiza mbali ya thupi imene imabweza mtima m'malo. Sikuchotsa mantha. Kumangotsitsa mokwanira kuti mawu atuluke bwino. Ndipo kudikira pakokha kumakonza yankho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe, katswiri wa kaphunzitsidwe ka sayansi ku America, anajambula mawu m'makalasi ambiri napeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha. Pamene anaphunzitsidwa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana anatalika, anakhala ndi zifukwa, ndipo oyankha kuti "sindikudziwa" anachepa. Pa tsiku la mafunso palibe amene angakupatse masekondi amenewo. Umadzitengera wekha, ndipo palibe mphunzitsi wanzeru amene angakuchotsere malikisi chifukwa cha zimenezo.

Kenako mtsikanayu anati: "Zikomo a Pulofesa. Ngati ndamva bwino, mukufunsa ngati kusiyana kumene ndapeza kwabwera chifukwa cha thumba, kapena chifukwa alimi amene amagula thumbali ndi osiyana kale ndi anzawo."

Bamboyo anagwedeza mutu. "Ndi zomwezo."

Kubwereza funso m'mawu akoako kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma pamenepa ndi pamene mtsikanayu anapulumukira. Funso lija linabwera ndi ziganizo zisanu, ndipo m'mutu mwake linamveka ngati chiweruzo chakuti ntchito yonse ndi yopanda pake. Atalifupikitsa, linasanduka funso limodzi lokhala ndi mbali ziwiri, thumba kapena mlimi, ndipo funso lotere munthu atha kuligwira. Kunamupatsanso mpata wotsimikiza kuti wamva bwino. Ophunzira ambiri amayankha mwaluso funso limene silinafunsidwe, chifukwa anasiya kumvetsera pa chiganizo chachiwiri n'kuyamba kukonza zodziteteza. Mphunzitsi akanena kuti "ayi, sindinafunse zimenezo", mantha amawirikiza. Komabe kubwereza kuli ndi malire ake: pa funso lalifupi monga lakuti munayendera mabanja angati, kubwereza kumangoonetsa kuti ukuzemba.

"Sindingathe kuzilekanitsa kotheratu," anapitiriza motero, "chifukwa mabanja anasankha okha, monga mwanenera. Koma pali zinthu ziwiri zimene ndinachita. Choyamba, ndinayeza chinyontho cha chimanga pa tsiku losunga. M'magulu onse awiri chinali pakati pa 12 ndi 13.5 pa 100, choncho kusiyana kwa kayanikidwe sikungafotokoze zimene ndapezazi. Chachiwiri, mabanja 6 anali ndi matumba a mitundu yonse iwiri, chimanga cha m'munda umodzi, m'nyumba imodzi. M'mabanja onse 6, thumba la PICS linali ndi maso obooka ochepa. Pamenepo mlimi ndi mmodzi, chasiyana ndi thumba. Chimene sindinayeze ndi kuchuluka kwa anankafumbwe amene analowa kale m'chimanga chisanasungidwe, komanso ngati othira mankhwala aja anatsata mlingo wolembedwa pa botolo. Ngati ena anathira ochepa, ndiye kuti kusiyana kumene ndanena kwakula kuposa mmene kuyenera kukhalira."

Yankho ili ndi loyenera kuliyang'ana bwinobwino, chifukwa mphamvu yake siili m'kulimba kwa mawu. Layamba ndi yankho lenileni la funso, lomwe ndi lowawa: sindingathe kuzilekanitsa kotheratu. Wophunzira amene amayamba ndi mbiri yaitali ya mmene anavutikira kumudzi, njinga kuphulika, mvula kumunyowetsa, amakhala akuuza aphunzitsi kuti yankho alibe. Kenako labweretsa umboni umene ulipodi, ndi manambala ake. Chinyontho ndi nkhani yaikulu pa kasungidwe ka chimanga: chimafunika kuuma kufika cha m'ma 13 pa 100 chisanalowe m'thumba, apo ayi chimachita nkhungu, ndipo mlimi amene alibe makina oyezera amangoluma diso la chimanga kuti amve ngati likuthetheka. Mtsikanayu anali atayeza, koma mfundoyi anaisiya m'tebulo la kumapeto kwa lipoti chifukwa sanaione kufunika. Mabanja 6 aja nawonso sanawatchule pofotokoza, chonsecho ndiwo anali umboni wake wamphamvu kuposa wina uliwonse. Izi zimachitika kawirikawiri: yankho la funso lovuta limakhala lili kale m'ntchito ya wophunzira, m'mbali imene iye amaiona ngati yosafunika.

Pomaliza yankholi latchula chimene sichinachitidwe, ndipo lanena mbali imene cholakwikacho chingakokere zotsatira. Apa ndi pamene ndimaona kusiyana kwa wophunzira amene wamvetsa ntchito yake ndi amene wangoimaliza. Kunena kuti "kafukufuku aliyense ali ndi zofooka" n'kosavuta ndipo sikutanthauza kanthu. Kunena kuti "ngati ena anathira mankhwala ochepa, nambala yanga yakula mopitirira" kukuonetsa kuti munthuyo akudziwa mmene chinthucho chimayendera.

Bambo uja sanamusiye pomwepo. "Ndiye mukanakhala ndi mwayi wobwereza, mukanatani?"

"Ndikanagula chimanga pamalo amodzi, n'kuchisakaniza bwino, n'kuchigawa m'matumba a mitundu iwiriyo. Mankhwala ndikanathira ndekha pa mlingo woyenera. Ndikanachita maere posankha nyumba yolandira thumba lililonse, kapena kupereka matumba onse awiri ku nyumba iliyonse."

"Nanga chiganizo chanu chomaliza chija, chakuti thumba limachepetsa kufumbwa kasanu?"

Apa mtsikanayu anakhalanso chete pang'ono. "Chimenecho ndinachinena mopitirira. Chimene ndingaime nacho n'chakuti mabanja osunga m'matumba a PICS anali ndi chimanga chofumbwa chochepa, ndipo pali zizindikiro zakuti thumba linathandiza. Kuti linathandiza mochuluka bwanji, kafukufuku wangayu sangayankhe. Ndikonza chiganizocho."

Bamboyo anavalanso magalasi, nalemba kanthu koyamba tsiku limenelo. "Mukakonze motero. Ndipo mabanja 6 aja muwatulutse kumapeto kuja, muwaike poonekera."

Atakhala pansi, manja anali akunjenjemerabe, chifukwa adirenalini sachoka m'magazi nthawi yomweyo. Ananong'oneza mnzake kuti aliyense waona mmene amanjenjemerera. Mnzakeyo anadabwa, nati iye amaona munthu wodekha. Sanali kungomutonthoza. Mu 2003, Kenneth Savitsky ndi Thomas Gilovich anaonetsa kuti olankhula pagulu amaganiza kuti mantha awo akuonekera kwambiri kuposa mmene omvera akuwaonera, ndipo olankhula amene anauzidwa mfundo imeneyi asanayambe analankhula bwino kuposa anzawo. Mtima wako umaumva wekha. Choncho palibe chifukwa choyambira yankho ndi kupepesa kuti uli ndi mantha, popeza ukatero ukuuza anthu chinthu chimene sanachione.

Pali njira ziwiri zimene mtsikanayu akanagwera, ndipo zonse zimabadwa ndi mantha omwewo. Yoyamba ndi kulimbana. Wophunzira amakweza mawu, nanena kuti mabuku onse amavomereza kuti matumbawa amagwira ntchito. Zimenezo n'zoona, koma funso silinali la mabuku, linali la mabanja 40 ake. Ena amafika ponama, kunena kuti anayeza chinthu chimene sanayeze. Bodza lotere silikhalitsa, chifukwa funso lotsatira limakhala lakuti munayeza ndi chiyani, ndipo zotsatira zake zili pa tsamba liti. Njira yachiwiri ndi kugonja: "Pepani a Pulofesa, ndinalakwitsa." Apa wophunzira wataya ndi zabwino zomwe, chinyontho chimene anayeza ndi mabanja 6 aja, chifukwa chofuna kuti ululu uthe msanga. Chizindikiro cha njira zonse ziwirizi ndi liwiro. Ukamva pakamwa pako payamba kuyenda mutu usanafike, kapena ukapezeka ukubwereza chiganizo chimodzimodzi kachitatu, siya, upume, ubwerere ku funso.

Nthawi zina yankho silikhalapo ngakhale pang'ono. Akanamufunsa, mwachitsanzo, kuti mpweya wa okosijeni umatsika kufika pati m'thumbamo, iye asanayeze kapena kuwerenga, yankho loona likanakhala lakuti sanayeze ndipo nambala yake sakuidziwa, koma akudziwa kuti tizilombo timafa chifukwa mpweyawo umachepa, ndipo ungayezedwe ndi kachipangizo kolowetsa m'thumba. Yankho lotere ndi lalifupi ndipo lingachepetse malikisi pang'ono, koma limasiya aphunzitsi akukhulupirira zina zonse zimene wanena. Nthawi zinanso wofunsa amakhala waukali, kapena funso lake n'losamveka. Pamenepo kupempha mwaulemu kuti abwereze, kapena kufunsa kuti ayambe kuyankha mbali iti, n'kololedwa. Yankha zimene zili m'funso, ukali wake uusiye uli apo.

Ndiyenera kunenanso chinthu chimene ophunzitsa kulankhula pagulu sakonda kuchitchula. Kupuma bwino sikungapange umboni umene kulibe. Mtsikanayu anadekha chifukwa, mantha atatsika pang'ono, anapeza kuti pali choti anene. Anali atapita yekha kumidziko, anagwira makina oyezera chinyontho ndi manja ake, anawerenga yekha maso a chimanga. Wophunzira amene analembetsa ntchito yake kwa munthu wina angapume motalika mmene angathere, koma masekondi atatu akatha adzapezabe m'mutu mulibe kanthu.

N'chifukwa chake kukonzekera mafunso kumafunika nthawi yakeyake, yosiyana ndi yoloweza masilaidi. Mafunso ovuta a pa kafukufuku si ambiri mitundu yake. Pafupifupi nthawi zonse amafunsa chifukwa chimene unasankhira anthu amenewa ndi chiwerengero chimenechi, chinthu china chimene chingafotokoze zotsatira zako, ndi chimene ukanasintha ukanayambiranso. Tenga chiganizo chachikulu cha kafukufuku wako, ulembe pansi pake zinthu zitatu zimene munthu wokayikira angatsutse nazo, ndipo pa chilichonse ulembe chimene unachita ndi chimene sunachite. Kenako upeze anzako awiri kapena atatu, makamaka amene sachita manyazi, akhale kutsogolo kwako osamwetulira, akufunse iwe utaimirira ndipo uyankhe mokweza m'chilankhulo chimene udzagwiritse ntchito tsikulo. Kuyankha mumtima uli chigonere pabedi sikuthandiza, chifukwa chimene chikufunika kuzolowera ndi kuganiza pamene mtima ukugunda ndipo maso a anthu ali pa iwe. Uwauze anzakowo kuti aphatikizepo funso limodzi limene akudziwa kuti sungaliyankhe, kuti mawu akuti "zimenezo sindinayeze" adzakhale atatulukapo kale pakamwa pako tsikulo lisanafike.